Mmene mungapemphere eni nyumba chilolezo chodutsitsa chingwe cha intaneti kapena kusuntha rauta

Eni nyumba ambiri akakana pempho la chingwe, sikuti amadana ndi intaneti. Amakana chifukwa uthenga umene alandira sukuwauza chimene chichitike pa khoma lawo. Munthu akangolemba kuti "intaneti sikufika kuchipinda kwanga, ndikufuna ndidutsitse waya", iwo m'maganizo mwawo amaona pulasitala woyoyoka, mabowo asanu, waya akulendewera pakhonde, komanso anthu ena a pa lendi akubwera kudzadandaula. Kukana kumawaphwekera kusiyana ndi kufunsa mafunso. Ndiye ntchito ya uthenga wanu ndi imodzi: kuwauza zonse momveka, kuti pasatsale choti aganizire okha. Ndipo uthenga wotere sungalembeke musanayeze ndi kuyang'ana zinthu zingapo. Kulembako kumabwera kumapeto.

Titsatira nkhani ya nyumba imodzi kuti zinthu zioneke bwino. Nyumbayi ili ndi zipinda zinayi za lendi, aliyense chake. Rauta, kabokosi kamene kamagawa Wi-Fi m'nyumba, ndi imodzi, anaiika eni nyumba pakashelefu m'kolido pafupi ndi chitseko chakumaso, ndipo intaneti imalowa kudzera pa faiba. Inu muli m'chipinda chakumapeto, pakati pa inu ndi rauta pali makoma atatu a njerwa. Mukaimba foni ya pavidiyo imaduka, koma amene ali chipinda choyamba sadandaula kanthu.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi mtunda

Musanavutitse munthu aliyense, dziwani ngati vuto lili pakati pa inu ndi rauta, kapena lili pa intaneti imene ikulowa m'nyumba. Mavuto awiriwa amaoneka ofanana koma mankhwala ake ndi osiyana. Tengani foni kapena laputopu, muime pafupi ndi rauta, muyeze liwiro la intaneti. Kenako pitani kuchipinda kwanu, mukhale pamene mumakhala nthawi zonse, muyezenso mphindi zomwezo. Ngati pafupi ndi rauta zikuyenda bwino koma kuchipinda liwiro latsika kwambiri, vuto ndi mtunda ndi makoma, ndipo chingwe chithandiza. Koma ngati ngakhale pafupi ndi rauta intaneti ikuchedwa, makamaka madzulo anthu onse akakhala pakhomo, ndiye kuti phukusi limene mumalipira ndi laling'ono kapena kampani ikulephera kupereka. Pamenepo chingwe sichisintha kanthu, ndipo mudzakhala mwaboola khoma la eni ake pachabe.

Mapulogalamu a pafoni oyeza mphamvu ya Wi-Fi amaonetsa nambala yolembedwa ndi dBm, ndipo nambalayo imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Ikayandikira ziro ndiye kuti mphamvu ndi yochuluka. Kuzungulira -50 ndi bwino kwambiri, -67 mutha kuimbabe foni ya pavidiyo, koma ikapitirira -75 kulumikizana kumayamba kudukaduka. M'nyumba yathu ija tinene kuti pafupi ndi rauta mwapeza -45, pakati pa kolido -60, ndipo patebulo panu -79. Jambulani zimenezi pafoni. Eni nyumba mwina sadziwa tanthauzo la manambalawo, ndipo simuyenera kuwaphunzitsa, koma inu mukhala mukudziwa kuti pempho lanu lili ndi maziko.

Ngati muli ndi laputopu ya Windows, pali njira ina yoonera ngati uthenga ukutayika m'njira pakati pa inu ndi rauta. Tsegulani `Command Prompt`, mulembe lamulo lili m'munsili, limene limatumiza timauthenga 50 ku rauta n'kudikira mayankho. Adiresi ya rauta nthawi zambiri imalembedwa pakapepala kamene kali pansi pake, ndipo ikhoza kukhala yosiyana ndi ili apayi:

```
ping -n 50 192.168.1.1
```

Mukakhala pafupi, mayankho onse amabwera ndipo amabwera msanga. Mukakhala kuchipinda n'kumaona mizere yolembedwa `Request timed out`, dziwani kuti vutolo lili m'nyumba momwemo, kampani ya intaneti ilibe mlandu.

Sankhani pempho limodzi: chingwe kapena kusuntha

Pano ndi pamene anthu ambiri amasokoneza. Kudutsitsa chingwe ndi kusuntha rauta ndi mapempho awiri osiyana, ndipo amakhudza anthu osiyana. Chingwe chimakhudza khoma, choncho ndi nkhani ya inu ndi eni nyumba. Kusuntha rauta kumakhudza aliyense amene amaigwiritsa ntchito, chifukwa mphamvu imene inu mwapindula, wina waitaya. Ine ndimaona kuti nthawi zambiri chingwe ndi pempho labwino, ngakhale limamveka lalikulu. Rauta imakhala pamene ili, palibe amene intaneti yake yasintha, ndipo inu mumapeza kulumikizana kosadalira makoma.

Kusuntha kumakhala kwanzeru pokhapokha ngati rauta ili pamalo oipa kwa onse, monga pansi kuseri kwa kabati, pafupi ndi chitsulo chachikulu, kapena pangodya ya nyumba pamene theka la mphamvu yake likuthera panja. Komanso muzindikire kuti kusuntha rauta nthawi zambiri kumafunanso chingwe. M'nyumba ya faiba mumakhala kabokosi kamene chingwe chopyapyala cha faiba chimalowamo, kenako rauta imalumikizidwa ku kabokosiko ndi chingwe wamba cha kompyuta pa khomo lolowetsapo chingwe lolembedwa WAN. Kabokosiko musakakhudze. M'kati mwa faiba muli ulusi wagalasi, ukapindika kwambiri umathyoka, ndipo kuulumikiza kumafuna zipangizo za akatswiri a kampani. Nthawi zambiri kabokosiko kamakhala katundu wa kampani, osati wa eni nyumba. Chimene chingasunthe ndi rauta yokha, potalikitsa chingwe chimene chili pakati pa ziwirizi. Ngati kabokosi ndi rauta zili chinthu chimodzi, ndiye kuti faiba ikulowa mu rauta momwemo, ndipo kusuntha ndi ntchito ya kampani basi.

Rauta yoyendera simukhadi nayo ili ndi msampha wake. Imeneyo imafuna malo amene imamva bwino nsanja ya foni, kawirikawiri pafupi ndi zenera. Mukaipititsa pakati pa nyumba, foni zanu zidzaonetsa Wi-Fi yodzaza, koma intaneti idzachedwa kwa aliyense chifukwa rautayo yasiya kumva bwino nsanja. Ngati mukufunadi kupempha kusuntha rauta yotere, pemphani kuyesa kaye kwa sabata imodzi popanda kukhoma chilichonse.

Pali funso linanso limene limabwera rauta ikasuntha, ndipo ndi bwino kuliyankha asanalifunse: magetsi ake alipira ndani? Ngati zipinda zili ndi mamita a magetsi osiyana, soketi yatsopano ikhoza kukhala pa mita ya munthu wina. Rauta sidya magetsi ambiri. Ya mawati 10 ikayaka usana ndi usiku kwa masiku 30 imadya mayuniti pafupifupi 7. Koma nkhani sikhala pa kuchuluka kokha. Munthuyo akachokapo mayuniti ake n'kutha, kapena akatseka chipinda rauta ili m'kati itazima, nyumba yonse ilibe intaneti. N'chifukwa chake musapemphe kuti rauta ya anthu onse ilowe m'chipinda chanu. Pempho limenelo anzanu sangalilandire bwino, ndipo akhala akulondola.

Yendani njira ya chingwe ndi tepi m'manja

Tinene kuti mwasankha chingwe. Musalembe uthenga musanayende njira yonse, kuchokera pa rauta mpaka patebulo panu, mukuyeza. Choyamba yang'anani kumbuyo kwa rauta ngati kuli khomo lolembedwa LAN limene lilibe chingwe. Ngati onse ali ndi zingwe kale, pafunika kabokosi kogawa makomo kotchedwa switchi, ndipo kameneka kamafuna soketi yakeyake ya magetsi. Zimenezinso ziyenera kulowa m'pempho.

M'nyumba yathu ija njira ili motere. Kuchoka pa rauta chingwe chikwera mita imodzi ndi theka kufika m'mphepete mwa siling'i, chiyenda mamita 12 m'kolido, chilowa m'chipinda chanu pamwamba pa chitseko, chitsika mamita 2, kenako chiyenda mamita 2 ndi theka kufika patebulo. Zonse pamodzi ndi mamita 18. Mugule cha mamita 20, chifukwa ngodya zimadya chingwe ndipo sichifuna kukokedwa mpaka kulimba. Cha mtundu wa Cat5e kapena Cat6 chikwanira. Malire a chingwe chotere ndi mamita 100, ndiye m'nyumba wamba kutalika si vuto.

Tsopano nkhani ya bowo, imene eni nyumba adzayang'ane kwambiri kuposa china chilichonse. Musanaganize zoboola, fufuzani ngati pali njira yodutsa popanda bowo. Zitseko zambiri zili ndi mpata pansi, ndipo chingwe chophwatalala chimadutsa pamenepo bwinobwino bola chitseko chisamachikhule potseka. Nyumba zina zili ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma, kapena bowo lakale la waya wa kanema. Uthenga wonena kuti "sindiboola paliponse" umavomerezedwa msanga kwambiri. Ngati bowo silingapewedwe, likhale limodzi ndipo mudziwe kukula kwake. Chingwe chokha ndi chonenepa mamilimita 5 kapena 6, choncho chimadutsa pa bowo la mamilimita 8. Koma mutu wake wapulasitiki uja wotchedwa RJ45 ndi waukulu, ndipo kuti udutse pafunika bowo la mamilimita pafupifupi 16. Kusiyanaku n'kwakukulu pa khoma la munthu. Njira yabwino ndi kudutsitsa chingwe chopanda mutu, mutuwo n'kudzaikidwa pambuyo ndi munthu amene ali ndi kachipangizo kopanira.

Posankha pobowola, pewani mzere wowongoka pamwamba kapena pansi pa soketi ndi switchi ya getsi, komanso m'mbali mwake, chifukwa mawaya a magetsi obisika m'khoma amakonda kuyenda mmenemo. Pewaninso khoma la bafa ndi la khitchini, mmene mumadutsa mapaipi a madzi. Eni nyumba kawirikawiri amadziwa pamene zinthuzi zinadutsa, ndiye kuwapempha kuti asonyeze okha pobowola si ulemu chabe, kumakutetezani nonse. Chingwe chisagonere limodzi ndi waya wa magetsi mtunda wautali, ndipo pamene ziyenera kukumana zingopingasana.

Muganizirenso chogwirira chingwe. Timakilipi ta msomali timaikidwa motalikirana masentimita 30 kapena 40, ndiye pa mamita 12 a kolido pakhala timabowo tating'ono topitirira 30. Anthu amaiwala kuwerengera zimenezi, n'kulonjeza bowo limodzi pamene khoma lidzakhala ndi timabowo tambiri. Kanjira kapulasitiki kotsekera chingwe kamaoneka bwino ndipo katha kumatidwa ndi zomatira, koma zomatirazo zimatha kusenda penti pochotsa. Palibe njira yosasiya chizindikiro, choncho nenani zoona za imene mwasankha. Chingwe chisadutse pansi pamene anthu amaponda, chifukwa wina akapunthwa mlandu udzakhala wanu.

Ngati chipinda chanu chili m'nyumba ina yapadera ndipo chingwe chiyenera kudutsa panja, nkhani yakula. Pafunika chingwe chopangidwira panja, chifukwa cha m'nyumba chimauma ndi dzuwa n'kung'ambika. Bowo liyenera kupendekekera pansi chakunja, chingwe chitsike pang'ono chisanalowe kuti madzi a mvula azidonthera pansi, ndipo bowolo litsekedwe ndi silikoni. Chingwe cha kopa cholumikiza nyumba ziwiri chimathanso kutengera mphamvu ya mphenzi ku zipangizo za mbali zonse. Ntchito yotere ipatseni katswiri, ndipo munene zimenezo mu uthenga.

Mukatha, jambulani zithunzi zitatu kapena zinayi: pamene pali rauta, kolido, ndi pamwamba pa chitseko. Pa chithunzi chilichonse jambulani mzere ndi chala kusonyeza modutsa chingwe, ndipo pobowola muike chizindikiro.

Onani pepala la mgwirizano, lankhulani ndi anzanu

Ngati munasainirana pepala polowa m'nyumba, werengani chigawo chonena za kusintha zinthu m'nyumba. Mapepala ambiri amanena kuti musaboole kapena kusintha kanthu popanda chilolezo cholembedwa. Mukapeza mawu otere, si chiletso, akungokuuzani kuti yankho la pakamwa silikwanira. Onaninso amene muyenera kulembera. Nyumba zina amayang'anira ndi wothandizira, ndipo mukalumpha iyeyo pempho limabwereranso kwa iye litachedwa.

Anzanu a pa lendi auzeni musanatumize uthenga, ngakhale rauta sisuntha. Ena amaganiza kuti wa chingwe adzalanda intaneti yonse. Mantha amenewa ali ndi kachoonadi: ngati mukukopa mafayilo akuluakulu madzulo, chingwe chimakupatsani mwayi wotenga gawo lalikulu la phukusi kuposa kale. Koma palinso phindu kwa iwo. Chipangizo chimene chili kutali chimalankhula ndi rauta pang'onopang'ono ndipo chimadya nthawi ya rauta imene ena akanagwiritsa ntchito, ndiye inu mukachoka pa Wi-Fi ya onse, iwo amapeza mpata. Afotokozereni mwachidule, mumve maganizo awo. Chiganizo chonena kuti anzanu avomera chili ndi mphamvu mu uthenga, koma chilembeni pokhapokha ngati avomeradi, chifukwa eni nyumba akhoza kuwafunsa.

Uthenga weniweniwo

Uthenga ukhale wolembedwa, kaya pafoni kaya pa kalata, osati wa mawu ojambula, kuti mawa ukafunika upezeke n'kuwerengeka. Yambani ndi moni, dzitchuleni ngati ali ndi anthu ambiri a lendi, kenako nenani pempho m'chiganizo choyamba kapena chachiwiri. Chifukwa chake chikhale chachifupi. Malo ambiri apatseni zimene zichitike pa nyumba, amene alipire, ndi zimene mudzachite potuluka. Nachi chitsanzo cha nyumba yathu ija:

"Muli bwanji bambo? Ndine wa m'chipinda chakumapeto. Ndimati ndipemphe chilolezo chanu kuti ndidutsitse chingwe chimodzi cha intaneti kuchokera pa rauta ya m'kolido kufika kuchipinda kwanga. Intaneti imafika mofooka kwambiri kumeneko chifukwa cha makoma, ndipo ntchito yanga imadalira kuimba pavidiyo.

Rauta sisuntha ndipo sindisintha chilichonse m'kati mwake. Chingwecho n'choyera, chiyenda mamita 12 m'mphepete mwa siling'i m'kati mwa kanjira kapulasitiki. Pafunika bowo limodzi la mamilimita 8 pamwamba pa chitseko changa, pamene ndaika chizindikiro pa chithunzi chachitatu. Ngati pamenepo padutsa waya wa magetsi kapena mukuona malo ena abwino, nditsatira pamene inu mungasonyeze.

Zipangizo ndi mmisiri ndilipira ndekha. Ntchitoyi sipitirira maola awiri, ndipo intaneti ya ena sizima. Anzanga atatu ndalankhula nawo ndipo alibe vuto. Tsiku lotuluka m'nyumba, mudzasankha ndinu: ndidzachisiye kuti chithandize wobwera, kapena ndidzachichotse, n'kutseka bowo ndi kupaka penti yofanana ndi ya khoma.

Ngati mwalola, ndimaganiza zopanga Loweruka likubwerali m'mawa, ndipo ndingakondwe mutakhalapo kapena mutatuma munthu. Chonde mundiyankhe pompano kuti tonse tikhale ndi zolembedwa. Zikomo kwambiri bambo."

Taonani zimene mulibe mu uthengawu. Mulibe dBm, mulibe Cat6, mulibe kudandaula kuti mumalipira lendi yofanana ndi ena koma intaneti simuipeza. Dandaulolo likhoza kukhala loona, makamaka ngati intaneti ili m'gulu la zimene mumalipirira, koma mukalisakaniza ndi pempho, eni nyumba amayamba kudziteteza m'malo moganizira za chingwe. Lisungeni, mudzalitulutse ngati akana popanda chifukwa. Mulibenso mawu oti "kabowo kakang'ono chabe". Kakang'ono kwa inu kakhoza kukhala kakakulu kwa iwo, pamene mamilimita 8 ndi ofanana kwa aliyense.

Chiganizo chopereka mwayi wosankha potuluka ndi chimene ine ndimachiona chofunika kwambiri. Eni nyumba amaganiza za tsiku limene inu mudzachoke, ndipo chipinda chokhala ndi chingwe choikidwa bwino chimakhala chosavuta kupezera munthu wina. Koma musalonjeze zimene simungathe. Ngati khoma lili ndi penti yakale imene mtundu wake sungapezeke, nenani kuti mudzatseka bowo ndi kusalaza, osati kuti sipadzaoneka kanthu.

Ngati pempho lanu ndi losuntha rauta, pakati pa uthenga pamasintha motere:

"Mayi, ndikupempha kuti tiyese kusuntha rauta kuchoka pakhomo kufika pakati pa kolido, mamita 6 okha. Kabokosi ka faiba sikakhudzidwa. Soketi ya pamenepo ili pa mita yomweyo ya kolido. Tiyese kwa sabata imodzi popanda kukhoma kanthu, ndipo ngati wina aona kuti intaneti yake yafooka, ndiibwezera pamene inali tsiku lomwelo. Posuntha intaneti izima kwa mphindi pafupifupi 10, ndipo ndiwauziratu anzanga."

Pa sabata yoyeserayo, chingwe chongoyembekezera chiyende m'mbali mwa khoma chitamatidwa ndi tepi, osati pakati pa njira. Yezani m'chipinda cha aliyense musanasunthe komanso mutasuntha, kuti mkangano ukabuka pakhale poyambira.

Akayankha, kapena akapanda kuyankha

Yankho loti "chabwino" pansi pa uthenga wanu ndi lokwanira ngati uthengawo unali ndi zonse, ndipo n'chifukwa chake tinaulemba mwatsatanetsatane. Jambulani kukambiranako, musunge malo ena osati pafoni pokha. Akavomera pakamwa mutakumana, thokozani, kenako tsiku lomwelo lembani: "Zikomo bambo polola kuti ndidutsitse chingwe monga ndinafotokozera, bowo limodzi pamwamba pa chitseko. Ndipanga Loweruka." Akayankha ngakhale liwu limodzi, muli ndi umboni.

Akakhala chete, musatenge kuti alola. Dikirani masiku angapo, mukumbutse mwaulemu ndi chiganizo chimodzi, ndipo muwapatse mwayi wobwera kudzaona okha. Anthu ena savomera zinthu za nyumba pafoni, koma akaima m'kolido n'kuona pamene mukunena, nkhani imatha mphindi zochepa.

Akakana, funsani chimene chikuwadetsa nkhawa, chifukwa kawirikawiri ndi chinthu chimodzi. Ngati ndi bowo, bwererani ku chingwe chophwatalala chodutsa pansi pa chitseko. Ngati ndi maonekedwe a kolido, funsani ngati chingadutse m'kati mwa siling'i. Ngati sakhulupirira mmisiri wanu, lolani abweretse wawo, koma mugwirizane mtengo ntchito isanayambe. Ngati safuna chingwe ngakhale pang'ono, pali njira ziwiri zosafuna kuboola. Yoyamba ndi timabokosi tiwiri totumiza intaneti kudzera m'mawaya a magetsi, kamodzi pafupi ndi rauta, kena m'chipinda chanu. Timagwira bwino masoketi onse akakhala pa magetsi amodzi, koma zipinda zikakhala pa mamita osiyana kapena mawaya akakhala akale, tikhoza kulephera, ndiye gulani pamene angakuloleni kubweza. Yachiwiri ndi kachipangizo kobwereza Wi-Fi. Kameneka kayenera kukhala pakati, pamene mphamvu ikadali yabwino, monga pa -60 paja m'kolido, osati m'chipinda chanu mmene mphamvu yatha kale. Totsika mtengo timachepetsa liwiro pafupifupi ndi theka chifukwa timalandira ndi kutumiza pa njira imodzi. Ndipo popeza kadzadya magetsi a kolido, nakonso kafunika chilolezo, ngakhale pempho lake ndi lopepuka.

Tsiku la ntchito

Chitani zimene munalemba, osapitirira. Mmisiri akapeza kuti pafunika bowo lachiwiri kapena njira ina, imitsani ntchito, muimbire eni nyumba. Chilolezo chimene muli nacho ndi cha njira ya pa zithunzi zija. Musanakhome kanthu, yalani chingwe pansi, mulumikize laputopu, muone ngati chikugwira, chifukwa kuzindikira kuti chingwe n'choipa mutachitsekera kale m'kanjira kumatanthauza kuyambiranso. Tsirizani poyang'ana kuti kagetsi ka khomo la LAN kayaka, ndipo pakompyuta liwiro la kulumikizana likuonetsa 1 Gbps ngati rauta ndi laputopu zonse zili ndi makomo a liwiro limenelo. Likaonetsa 100 Mbps pamene zonse zimatha 1 Gbps, kawirikawiri ndiye kuti kawaya kamodzi mwa timawaya 8 ta m'mutu sikanapanidwe bwino, ndipo mutuwo uyenera kudulidwa n'kuikanso wina.

Ngati kumapeto kwa chingwe mukufuna kuikako rauta yanu yakale kuti foni nayo ipeze Wi-Fi m'chipinda, samalani chinthu chimodzi chimene chingagwetse intaneti ya nyumba yonse. Rauta iliyonse imagawa maadiresi kwa zipangizo kudzera pa chimene chimalembedwa DHCP. Mukalowetsa chingwe pa khomo la LAN la rauta yanu musanazimitse DHCP yake, marauta awiri amayamba kugawa maadiresi m'nyumba imodzi, ndipo foni za anzanu zina zimalandira adiresi yolakwika n'kusowa intaneti ngakhale zikuonetsa kuti zalumikizidwa. Ikani rauta yanu pa `Access Point` ngati ili ndi mwayi umenewo, kapena zimitsani DHCP musanailumikize. Chipangizo chimenechi chitchuleninso mu uthenga wa eni nyumba, ndipo muchiikire mawu achinsinsi olimba, chifukwa tsopano ndi khomo lachiwiri lolowera pa intaneti ya anthu onse.

Rauta ya onse musaidine batani la `Reset` pa chifukwa chilichonse. Batanilo limafufuta zonse zimene kampani inaikamo, ndipo pa marauta ena intaneti sibwerera mpaka akatswiri atabwera. Mukamaliza, sesani fumbi, jambulani kolido ndi bowo lija, mutumize zithunzizo kwa eni nyumba pansi pa uthenga womwe uja, ndipo nanunso musunge pamodzi ndi zithunzi za khoma lisanakhudzidwe, kuti zidzakuthandizeni pokambirana za dipoziti tsiku lotuluka.